Sikirini ya buluu: musafomate musanawerenge khodi

"Achimwene, laputopu yanga ikumangozima n'kuonetsa sikirini ya buluu. Dzulo inalemba MEMORY_MANAGEMENT, lero IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Mwezi watha ndinaonjezera ramu. Wokonza akuti tifomate. Ndivomere?"

Musavomere kaye, achemwali. Zimandiwawa kuona munthu akutaya mafayilo ake pa vuto lomwe kufomata sikungathetse.

Sikiriniyo ikabweranso, ijambuleni ndi foni. Pansi pamakhala mzere wa Stop code, womwe ndi dzina la cholakwikacho, ndipo nthawi zina pamakhalanso What failed, wotchula fayilo yothera ndi .sys. Ngati ikuzimiririka musanajambule, dinani Windows ndi R, lembani `sysdm.cpl`, pitani pa Advanced, kenako Settings pansi pa Startup and Recovery, n'kuchotsa kachizindikiro pa Automatically restart.

Khodi payokha imangoloza dera. Chomwe ine ndimayang'ana kwambiri n'chakuti kodi ikubwera yomweyomweyo kapena ikusinthasintha. Ikamabwera imodzimodzi, fayilo yotchulidwanso imodzimodzi, kawirikawiri wolakwa ndi dalaivala, kapulogalamu kolumikiza Windows ndi chipangizo china. Mwachitsanzo VIDEO_TDR_FAILURE yokhala ndi nvlddmkm.sys ndi dalaivala wa khadi ya zithunzi ya NVIDIA. Pamenepo mumabwezera dalaivala wakale kapena kuika watsopano, basi. DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL nayonso imakonda kutchula wolakwayo ndi dzina.

Yanuyo ndi ina. MEMORY_MANAGEMENT imatanthauza kuti Windows yapeza zosokonekera pa kasungidwe ka zinthu mu ramu, pomwe IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL imatanthauza kuti china chake chakhudza malo a ramu omwe sichimayenera kukhudza pa nthawiyo. Ramu ikakhala yoonongeka, aliyense wodutsa pamalo oipawo amagwa, lero uyu mawa uja, n'chifukwa chake maina amasintha. Musadabwe mawa kuona PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA. Ndiye poti mwangoonjezera kumene, ine ndikukayikira ramu yatsopanoyo.

Sungani ntchito zanu, dinani Windows ndi R, lembani:

```
mdsched.exe
```

Dinani Enter, kenako sankhani Restart now and check for problems, makinawo adzayambanso n'kuyeza ramu. Akapeza zolakwika, mlandu watha. Koma akapanda kupeza musakhutire, chifukwa kuyeza kumeneku kumaphonya zina. Zimitsani laputopuyo, zulani chaja, chotsani batire ngati imachotseka, tulutsani ramu yatsopanoyo, mugwire ntchito masiku atatu ndi yakale yokha. Buluu akasowa, bwezeraninso yatsopanoyo moikankha bwino mpaka timanja tam'mbali titseke, pakuti ina imangokhala kuti sinalowe mokwanira. Akabweranso, ibwezeni komwe munagula.

Pali makhodi awiri amene mukawaona musazengereze. KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR kawirikawiri imaloza disiki yomwe yayamba kufa, choncho koperani mafayilo anu pa fulashi tsiku lomwelo musanayese china chilichonse. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR imaloza chipangizo chenicheni, monga pulosesa yotentha kwambiri. Ikani dzanja potulukira mphepo, mumve ngati fani ikupuma kapena yatsamwa ndi fumbi.