Chifukwa chake mvuu imamwaza ndowe ndi mchira ikamavuuka

"Tinachoka kuno ku Zomba kukakwera boti pa Shire ku Liwonde. Chakumadzulo mvuu ina ikuvuuka inayamba kupukusa mchira, ndowe zili mbwee pathengo ponse. Kodi inatsegula m'mimba, kapena imatiopseza?"

Ayi achimwene, sinadwale. Imachita dala, ndipo uthengawo unali wa mvuu zinzake, osati wa inu a m'boti.

Mchira wa mvuu ndi waufupi, wonenepa kutsinde, wophwatalala kunsonga ngati nkhafi. Ikayamba kuchita chimbudzi imaupukusa mwaliwiro, ndowe n'kumamwazika mamita angapo. Yamphongo imakodza chakumbuyo, ndiye mkodzo umasakanikirana ndi ndowezo zisanamwazike. Zikanagwa mulu umodzi pansi, fungo likanathera pomwepo. Koma zikamatirira pamasamba ndi panthambi, zimakhala pamsinkhu wa mphuno ya mvuu iliyonse yodutsa. Kawirikawiri zimene zimachita izi ndi zamphongo zikuluzikulu.

Tanthauzo lake limadalira malo amene yamwazapo. M'madzi, yamphongo yamphamvu imakhala ndi chigawo chake cha mtsinje, chotalika mwina mamita mazana angapo, ndipo ndi m'chigawo chimenechi momwe imakwerera zazikazi. Ziwiri zoyandikana zikakumana pamalire zimayang'anizana kaye, kenako kufulatirana, iliyonse n'kumwaza ndowe zake, basi n'kubwerera kwawo. Izi zimapewetsa ndewu zambiri, ndipo ndewu ya mvuu si yamasewera. Mukadzapitanso mudzaone zipsera za mano zimene zili pamisana ya zamphongo zokalamba.

Kuti nkhaniyi ndi ya malire, akatswiri anayesapo kwa anansi athu ku Mozambique, m'nkhalango ya Maputo Special Reserve, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anajambula kulira kwa mvuu za m'magulu osiyanasiyana, kulira kuja kumamveka mtunda woposa kilomita imodzi, n'kumaseweretsa pa sipika m'mphepete mwa madzi. Mvuu zikamva mawu a ya m'gulu lawo kapena ya gulu loyandikana nalo, zinkangoyankha kapena kusendera pang'ono. Zikamva mawu a yachilendo, m'pamene kumwaza ndowe kunkachuluka. Ndiye kuti zimadziwana mawu, ndipo mlendo ndi amene amauzidwa kuti pano pali mwini wake.

Tsono zimene munaona inu zinachitika povuuka, ndipo kumtunda nkhani imasintha. Mvuu sikhala ndi malire pamsipu. Dzuwa likalowa iliyonse imanyamuka payokha, kupatula ya mwana, kukadya udzu wokwana makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi, nthawi zina makilomita angapo kuchokera kumadzi. Imadutsa njira yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo imamwaza ndowe pamalo omwewomwewo: podoko pamene imavuukira, pachitsamba cha m'mbali mwa njira, pachulu. Akatswiri ambiri amati izi zimaithandiza kutsata njira yake mumdima pobwerera m'bandakucha, komanso zimadziwitsa zinzake kuti ndani wadutsapo ndiponso liti. Ine ndimakhulupirira kuti zonse ziwiri n'zoona, chifukwa yamphongo ikafika pachitsamba chotere imayamba yanunkhiza, kenako n'kuthirapo zake pamwamba.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife amene tili ndi abale olima madimba ndi opha nsomba m'mbali mwa Shire. Njira ya mvuu siivuta kuizindikira. Imakhala ngati mizere iwiri yoyendera limodzi, pakati pali kamzere ka udzu kosapondedwa, chifukwa miyendo yakumanja ndi yakumanzere imaponda motalikirana. Mapazi ake amaonetsa zala zinayi. Ndowe zake sizifanana ndi za ng'ombe: mvuu sibzikula, ndiye mumaona tizidutswa ta udzu toonekeratu, titamatirira pamasamba kufika m'chiuno mwa munthu. Zikakhala zotuwa, zouma, zofumbutuka mukazikhudza ndi ndodo, padutsa masiku. Zikakhala zobiriwira, zonyowa, ntchentche zili ng'waa, ndiye kuti yadutsa usiku womwewo, ndipo mwina sinabwererebe kumadzi.

Ngozi yaikulu ili pamenepo. Mvuu ikadzidzimuka kumtunda imathamangira kumadzi kudzera njira yake yomweyo, ndipo imatha kufika liwiro la makilomita 30 pa ola, lomwe ambirife sitingalikwanitse. Munthu amene walawira kudimba kapena kukawonjola ukonde, n'kupezeka pakati pa mvuu ndi mtsinje, ndi amene amavulala. Chonde auzeni abale kumudzi kuti asamangirire bwato padoko lomwe zitsamba zake zapakidwa ndowe zaziwisi, asamange chisakasa cholondera mbewu pamzere umenewo, ndipo adikire kuti kuyere asanatsikire kumtsinje.