Timanyi tating'ono ndi manyi aakulu m'khitchini imodzi: ndi makoswe kapena mbewa?

"Ndithandizeni chonde. M'kabati ya pansi pa sinki ndapezamo timanyi tambirimbiri takuda bii, tonyezimira, ndayeza ndi rula ndi mamilimita 4 kapena 5. Pamwamba pa kabati yayitali pafupi ndi siling'i pali ena aakulu, mamilimita ngati 12, otuwa, ndikawakhudza ndi kamtengo akufumbutuka. Kodi ndi khoswe wamkulu ndi ana ake? Ndinatchera msampha wa makoswe koma nyambo ikungodyedwa msampha osafwamphuka."

Mayi, mwachita bwino kwambiri kutenga rula, anthu ambiri amangoti ndaona manyi a khoswe basi nkuthamangira poizoni osadziwa kuti akulimbana ndi chani. Ine mmene ndikuonera, si mayi ndi ana ake ayi. Muli ndi nyama ziwiri zosiyana, ndipo sizinabwere nthawi imodzi: khoswe anadutsapo kale mwina pano kulibenso, koma mbewa za m'nyumba zilipo panopa ndipo ndi zomwe zikukudyerani nyamboyo.

Tiyambe ndi kukula kwake. Mbewa ya m'nyumba imasiya timanyi ta mamilimita 3 mpaka 6, toonda, tosongoka kumapeto, ngati kambewu ka mpunga koma kakuda ndipo kocheperako. Makoswe omwe amalowa m'nyumba za anthu alipo mitundu iwiri. Pali wakuda uja wokwera m'denga, wa mchira wautali kuposa thupi lake, ameneyu manyi ake amakhala cha m'ma 12, osongoka mbali zonse komanso opindika pang'ono. Ndiye pali wofiirira wonenepa uja wokonda kukumba una pansi ndi kuyenda m'ngalande, ake ndi aakulu kwambiri, amafika 18 mpaka 20, onenepa, kumapeto kwake kobulungira osati kosongoka. Anu a 12 aja omwe ali m'mwamba pafupi ndi siling'i akugwirizana ndendende ndi khoswe wa m'denga, ndipo malowo akuchitira umboni chifukwa ameneyu amakonda kuyenda m'mwamba, pa mitanda, pa mapaipi, pa mawaya, pansi amangotsika kukadya.

Nanga bwanji ndikukana zoti ndi ana a khoswe? Ganizo lanulo si lolakwika konse, manyi a kukula kosiyanasiyana pamalo amodzi nthawi zambiri amatanthauzadi kuti nyamazo zikuswana, akulu ndi ana ali pompo, ndipo imeneyo ndi nkhani yoipa. Koma kukakhala kuswana mumaona makulidwe otsatizana, ena 7, ena 9, ena 12, onse osakanikirana panjira imodzi chifukwa ana amatsata momwe akudutsa akuluakulu. Inu muli ndi magulu awiri okha, 4 kapena 5 uku, 12 uko, pakati palibe kanthu, malonso osiyana. Chinanso mwana wa khoswe satuluka m'chisa mpaka atakwanitsa pafupifupi milungu itatu, ndipo pofika nthawi imeneyo manyi ake amakhala atanenepa kale kuposa a mbewa olo kutalika kutafanana. Koma chachikulu ndi ichi, mayi woyamwitsa amadya kwambiri usiku uliwonse, akanakhalapo bwenzi manyi aakulu atsopano ali mbwee. Anu aakulu onse ndi akale.

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ya utsopano. Manyi omwe angotuluka kumene amakhala akuda, onyezimira ngati anyowa, ndipo mukawadinikiza ndi kamtengo amaphwanyika mofewa osafumbutuka. Pakapita masiku awiri kapena atatu amauma nkulimba, kunyezimira kuja kumatha koma akadali akuda. Pakapita milungu ndi pomwe amatuwa, fumbi limakhalapo pamwamba, mukakhudza amangoyoyoka. Ndiye otuwa ofumbutukawo akukuuzani za mbiri, kuti khoswe anakhalapo, sakukuuzani kuti alipo lero. Atha kukhala a miyezi ingapo yapitayo, pamwamba pa kabati anthu sapukutapo kawirikawiri eti.

Chenjerani komabe, maonekedwe amanamiza. Malo otentha ndi ouma, monga kuseri kwa furiji komwe kumatuluka mpweya wotentha kapena m'siling'i pansi pa malata, manyi amauma m'maola ochepa chabe nkuoneka akale pomwe ndi a dzulo. Malo achinyezi ngati pansi pa sinki panupo zimatembenuka, akale amakhalabe ofewa ndi akuda nthawi yayitali. Mtundu nawonso umatengera zomwe nyamayo yadya, moti mukadzaona obiriwira kapena abuluu dziwani kuti yadya poizoni wa utoto umenewo, kaya wanu kaya wa aneba. Nchifukwa chake ine sindikhulupirira maso okha, njira yomwe sinama ndi yochotsa zonse nkudzaonanso mawa.

Muchite chonchi. Choyamba jambulani ndi foni malo onse awiri rula ili pambali. Kenako tsegulani mawindo ndi zitseko kwa mphindi 30 mpweya upite. Musasese ndi tsache pouma, musagwiritsenso makina okoka fumbi aja, pa ichi ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse, chifukwa manyi ndi mkodzo wouma zikasanduka fumbi mumazipuma, ndipo nyama zimenezi zimanyamula matenda, m'madera ena ngakhale kachilombo ka hanta komwe kamalowera m'mapapo njira yomweyi. Valani magolovesi, sakanizani bulichi kapu imodzi ndi madzi makapu 9, wazani mpaka manyiwo anyowe bwinobwino, dikirani mphindi 5, pukutani ndi pepala, ikani m'jumbo mumange mutaye. Pukutaninso malowo ndi madzi a bulichi omwewo, musambe m'manja ndi sopo mukavula magolovesi. Bulichiyo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, zimatulutsa mpweya woipa.

Mukatero malo onse ali mbee, pansi pa sinki ndi pamwamba pa kabati pomwe. Gonani. Mawa m'mawa tengani tochi muwerenge zomwe zabwera, ndipo mubwereze masiku atatu motsatizana mukupukuta tsiku lililonse. Chilichonse chomwe mwapeza tsopano mukudziwa kuti ndi cha usiku umodzi, palibenso zongoganizira.

Powerengapo ndi pomwe anthu amachita mantha pachabe. Mbewa imodzi yokha imatulutsa timanyi 50 mpaka 75 pa tsiku, imangotaya ikuyenda, paliponse pomwe yadutsa. Ndiye tiyerekeze mawa mwapeza 40 pansi pa sinki, kwina konse kulibe, pamwamba pa kabati pali zii. Zimenezo zikhoza kukhala mbewa imodzi kapena ziwiri, ndipo khoswe uja ayenera kuti anapita. Koma mukapeza 40 pansi pa sinki, 60 m'dirowa ya masipuni, enanso kuseri kwa chitofu, enanso kuchipinda chosungira zakudya, ndipo pakati pawo pali tina tating'onoting'ono ta mamilimita 2 kapena 3 tosakanikirana ndi ta 5, pamenepo ndi banja, zikuswana. Mbewa imatenga bere masiku 19 mpaka 21 okha, imaswa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, anawo pakatha milungu 6 kapena kupitirira pang'ono nawonso ayamba kuswa, ndiye mukaona timakulidwe tosiyana musati ndidzaona mwezi wamawa. Kungoti nambalayi musaitenge ngati masamu enieni ogawa ndi 60 nkupeza chiwerengero cha mbewa, zomwe mukuonazo ndi gawo chabe, zambiri zimagwera kuseri kwa makabati ndi m'makoma momwe simufika. Phindu lake lenileni ndi kuyerekeza, lero timanyi 40, mutatchera misampha nkutsika kufika pa 10, kenako 0.

Malo omwe timanyi tachuluka akukuuzaninso komwe kuli chisa. Mbewa siyenda mtunda, nthawi zambiri imazungulira mamita 3 mpaka 10 kuchokera pomwe imagona, ndiye ngati pansi pa sinki ndi pomwe pali tambiri chisa chili m'khitchini momwemo kapena kuseri kwa khoma limenelo. Unikani pomwe paipi ya sinki yalowera kukhoma, kabowo ka mamilimita 6 kokha mbewa imadutsa, ndipo mukaona timapepala kapena tinsalu tong'ambidwang'ambidwa taunjikidwa pakona mwachipeza. Khoswe ndi wina, amatha kuchokera mamita 30 kapena kuposa, kudya kwanu kugona kwina, iye amafuna bowo la mamilimita 12 kapena kuposa. Choncho olo atakhala kuti anapita, yang'anani siling'i pamwamba pa kabatiyo, njira yomwe analowera ikadali yotsegula ndipo wina adzaipeza. Mukaona mzere wakuda wamafutamafuta m'mbali mwa bowo kapena pa mtanda ndi momwe ubweya wake unkakhuza.

Za msampha wanu zija tsopano zikumveka zokha. Msampha wa makoswe unapangidwira nyama yolemera magalamu 150 kupita m'mwamba, pomwe mbewa imalemera magalamu 20 basi, imakwera nkudya nyambo mwaulemu chitsulo osagwedezeka, ndipo olo chifwamphuke nthawi zambiri chimaidumpha. Gulani timisampha tating'ono ta mbewa, osati kamodzi, 6 kapena kuposa, muike motsamira khoma mbali ya nyambo italoza kukhoma, motalikirana mita imodzi kapena awiri, pomwe pali timanyi tatsopano. Nyambo ikhale yochepa yomata yoti singanyamulidwe. Mbewa ndi zachidwi, zimafufuza chinthu chachilendo usiku woyamba womwewo, ndiye masiku awiri oyambirira ndi omwe mumagwira zambiri. Makoswe ndi osiyana, amaopa chilichonse chatsopano masiku angapo, moti manyi aakulu atsopano akadzaoneka pamwamba paja muike msampha waukulu uja pompo uli ndi nyambo koma osautchera kaye masiku atatu kapena anayi, azolowere, kenako mutchere.

Chimodzi choti mutsimikize musanagule kanthu: timanyi ta pansi pa sinki timafanana ndi ta mphemvu zikuluzikulu, zomwenso zimakonda malo achinyezi omwewo. Ta mphemvu ndi tafupi, kumapeto kosasongoka, ndipo mukakuza chithunzi pa foni mumaona timizere m'litali mwake, pomwe ta mbewa ndi tosalala, tosongoka, mukaphwanya muli timaubweya chifukwa imadzinyambita. A nalimata amakhala ndi kadontho koyera kumapeto. Otuwa a m'mwambawo nawonso aoneni bwino, a mileme amafumbutuka mosavuta olo ali atsopano ndipo mkati mumanyezimira tizidutswa ta mapiko a tizilombo, amaunjikana mulu pansi pa pomwe milemeyo imalendewera, kungoti kawirikawiri safika 12.

Mukatseka mabowo gwiritsani waya wa sefa wolimba kapena simenti, osati pepala kapena thovu lopopera lija, zimenezo zimangotafunidwa. Pitirizani kupukuta ndi kuunika m'mawa uliwonse, mukakwanitsa sabata yathunthu osapeza kanyi katsopano olo kamodzi ndipo misampha ili chitcherere, pamenepo mutha kunena kuti zatha. Koma manyi aakulu ofewa akaoneka pamodzi ndi ang'onoang'ono, kapena timanyi tikapitirira kubwera patatha milungu iwiri mukutchera, itanani odziwa ntchito yothana ndi makoswe ndipo muwaonetse zithunzi zija za rula ndi manambala a tsiku lililonse.