Arduino Uno ndi Raspberry Pi 4 zimasiyana pati?

"Ndikungoyamba kumene. Ndigule chiti choti chiziyatsa pampu dothi likauma?"

Achimwene, gulani Arduino Uno. Imeneyi ndi maikulokontorola: imayendetsa pulogalamu imodzi yokha, ndipo imayamba ntchito mukangoipatsa magetsi. Memole yogwirira ntchito ya Uno R3 ndi 2 KB basi, koma kuwerenga sensa ya chinyezi pa pini A0 sikufuna yoposa pamenepo.

Raspberry Pi 4 ndi kompyuta yathunthu yoyendetsa Linux kuchokera pa memole khadi. Imayenera ntchito ya kamera kapena intaneti, koma ilibe pini yowerengera sensa ya analogi ngati ya chinyeziyo. Komanso magetsi akathima mwadzidzidzi ikulemba pa khadi, mafayilo amatha kuwonongeka, kompyutayo osayakanso.

Pampu musailumikize pa pini mwachindunji, pini ipsa. Ikani rileyi, swichi yolamulidwa ndi Arduino, pakati pa pini ndi pampu. Ngati pampuyo ndi ya 230 V, mawayawo alumikizidwe ndi katswiri wa zamagetsi.