Tsiku lotsegulira musalitchule uvuni usanayake

"Ndakhala ndikuphikira buledi ndi masikono kunyumba kwa zaka 3, anthu amaoda pa WhatsApp. Pano ndapeza shopu ku Kawale. Ndikufuna ndiziika timauthenga toti anthu akhale ndi chidwi tsiku lotsegulira lisanafike. Ndiyambe liti, nanga ndizilemba chiyani kuti asatope nane?"
Mayi wophika buledi, Kawale

Mayi, masiku 10 akwana. Mukayamba kudakali mwezi wathunthu, sabata yachitatu anthu amayamba kufunsana kuti, "Kodi shopu ija ilikodi?"

Koma musanaike kalikonse, imvani zimene zinaonekera mlamu wanga. Iye analengeza tsiku mu uthenga woyamba weniweni, Loweruka la kumapeto kwa mwezi, poti ndi pamene anthu amakhala atalandira. Uvuni anakaulowetsa m'shopu Lachinayi. Atauyatsa, magetsi anathima nyumba yonse. Anayesanso, chimodzimodzi. Mawaya a m'shopumo anali oyatsira mababu ndi filiji basi, osati uvuni wa zipinda ziwiri. Loweruka anthu anabwera ndithu, ena ndi ana, n'kupeza chitseko chotseka ndi kapepala kopepesa. Atatsegula patapita sabata, ambiri sanadzivutenso. N'chifukwa chake ine ndimati tsiku lizitchulidwa pokhapokha mutaphika kamodzi m'shopu momwemo, komanso chiphaso cha khonsolo chili m'manja. Masiku oyambawo mungonena kuti "posachedwa".

Uthenga uliwonse uziulula kanthu kamodzi katsopano. Kulemba "tikutsegula posachedwa" kasanu pa chithunzi chimodzimodzi si kukopa anthu, n'kuwagonetsa tulo.

Kutatsala masiku 10, jambulani mtanda utafufuma m'beseni, pafupi kwambiri, chala chanu chitaboola pakati. Mawu akhale ochepa: "Mtandawu ukusamuka." Anthu amene amaoda kale adzafunsa okha kuti ukupita kuti. Musawauze kaye. Patapita masiku awiri, onetsani chitseko chikupakidwa penti, mbali ina ya msewu ikuoneka pang'ono, n'kufunsa kuti, "Apa ndi pati?" Uwu ndi umene ine ndimaukonda, chifukwa anthu a ku Kawale, Biwi ndi Mchesi amakangana okha, wina kumalumbira kuti amadutsapo tsiku lililonse. Kukangana kumeneko ndiko kumakufalitsirani nkhani, inu muli phee.

Yankho lake mulipereke kutatsala masiku 6, ndipo mulondolere monga mmene mungalondolerere azakhali anu ochokera kumudzi: atsikire pati, akhotere dzanja liti, chitseko n'cha mtundu wanji. Nambala ya puloti sithandiza munthu wa pakabaza.

Kutatsala masiku 4 ndiye tsiku loyesa uvuni. Jambulani kavidiyo ka masekondi 10 kapena 15 mukunyema sikono yotentha, nthunzi ikutuluka. Isatalike, ambiri amaonera pa kabandulo kochepa. Mujambulire pakhomo m'mawa, osati pansi pa babu, ndipo mupukute kaye kagalasi ka foni, chifukwa foni ya wophika imakhala ndi fulawa ndi mafuta, zithunzi n'kumatuluka ngati kuli nkhungu. Pamenepa ndiye munene tsiku ndi ola. M'mawa mwake ikani mitengo yonse, ndi kunena ngati mukulandira Airtel Money kapena Mpamba. Ena amabisa mitengo mpaka tsiku lotsegulira, koma munthu wosadziwa mtengo amachita manyazi kulowa. Usiku womaliza mutha kulonjeza kapulayizi, monga sikono imodzi kwa anthu 30 oyamba. Nambala ikhalepo. Mukangoti "masikono aulere", ana a m'dera lonse adzafola dzuwa lisanatuluke.

Pali msampha umodzi pa WhatsApp. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndiponso amaiona ndi okhawo amene inu munasunga nambala yawo, iwonso n'kusunga yanu. Amenewo ndi makasitomala anu akale, ena okhala kutali ngati ku Likuni, oti sangabwerere buledi mmodzi. Oyandikana ndi shopuyo sakukuonani. Choncho uthenga uliwonse muziuikanso pa Facebook, ndipo uja wolondolera malo mupemphe anzanu autumize m'magulu a kutchalitchi ndi a banki m'khonde a komweko.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, musawerenge anthu amene aona. Muziwerenga amene afunsa kuti "zingati?" kapena "mutsegula nthawi yanji?". Ngati pofika tsiku la mitengo palibe wafunsa za njira, ndiye kuti mukulankhula ndi anthu akutali. Mayina a ofunsawo muziwalemba m'kope, ndipo pa uthenga wa mitengo muwalole kuoderatu. Kope limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni makilogalamu a fulawa oti mukande usiku womaliza.