Tebulo la mafunso likamabala mayankho amodzimodzi

Wina wochita kafukufuku wafunsa kuti: "Tili ndi tebulo la mafunso 12 okhudza chithandizo cha pa chipatala, mayankho ake asanu. Ambiri akungosankha 'ndikuvomera' mzere wonse. Tichitenji?"

Woyankha akafika pa funso lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi amakhala atatopa, ndiye amangobwereza yankho lapitalo. Pa foni vuto limakula, chifukwa mitu ya mayankho imabisika akatsika pansi, munthu nkumangodina pomwe chala chazolowera.

Gawani mafunso 12 aja m'magulu atatu, gulu lililonse mafunso anayi a nkhani imodzi: kudikira pa mzere, khalidwe la anamwino, kupezeka kwa mankhwala. Gulu lililonse likhale pa tsamba lakelake. Ngati mukugwiritsa ntchito KoboToolbox, pulogalamu yopangira mafomu a kafukufuku, chotsani `table-list` imene imayala mafunso ngati tebulo, muikepo `field-list` kuti gulu likhalebe pa tsamba limodzi koma funso lililonse lizibwera ndi mayankho ake pansi pake.

Koma chofunika kwambiri ndi kusiya "ndikuvomera, sindikuvomera". Funsani chinthu chenichenicho: "Munadikira nthawi yaitali bwanji?" mayankho akhale "osakwana mphindi 30", "mphindi 30 mpaka ola limodzi", "kupitirira ola limodzi". Mayankho akamasiyana pa funso lililonse, palibenso mzere woti munthu autsatire.

Musafulumire kutaya mafomu a mayankho ofanana, ena anakhutiradi. Onani kaye nthawi imene anatenga: mafunso 12 m'masekondi 15, ameneyo sanawerenge.