Kupepesa kasitomala amene tamudula ndalama kawiri

"Abale, makina athu adula kasitomala K45,000 kawiri pakhadi. Ndalemba kuti 'Pepani chifukwa cha vuto lomwe lachitika, tikonza posachedwa.' Zili bwino?"

Achimwene, chotsanimo "posachedwa", munthu wodulidwa ndalama amafuna tsiku. Musanalembe, yang'anani sitetimenti yanu, chifukwa nthawi zina kudula kwachiwiriko ndalama zimangogwidwa, ndipo banki imazimasula yokha. Ngati zalowadi kawiri, bwezani kaye, kenako lembani chonchi:

"Mayi, pepani kwambiri, takudulani K45,000 kawiri Lolemba, ndipo kulakwa ndi kwathu. Lero tabweza K45,000 kukhadi lomwelo, nambala ya risiti nayi. Zikapanda kuoneka pofika Lachisanu, ndiimbireni ine mwini, ndikalondola kubanki."

Lachisanulo musangolitchula, funsani banki yanu masiku enieni, muwonjezerepo limodzi.