Kusanja mizati ya tchati kuyambira waukulu mpaka waung'ono

"Ndimalemba malonda a gulu lathu la alimi kuno ku Salima mu Excel. Matumba amene tagulitsa ndi awa: mtedza 40, mpunga 125, nyemba 18, chimanga 90. Ndapanga tchati cha mizati yogona, koma nditasanja manambala, mzati waukulu wapita pansi. Ndichite bwanji kuti ukhale pamwamba?"

Bambo, tchati chimangotsatira ndondomeko ya tebulo limene chikutengako manambala, choncho munachita bwino kuyamba ndi kusanja tebulolo. Njira yake ndi kudina kabokosi kamodzi kokha ka nambala, kenako Data, Sort, pa Sort by n'kusankha mzere wotsika wa manambala, ndipo pa Order n'kusankha Largest to Smallest. Mukatero mpunga 125 ukhala poyamba, motsatana ndi chimanga 90, mtedza 40 ndi nyemba 18.

Chimene chakusokonezani n'chakuti pa mizati yogona Excel imayamba kuyala mayina kuchokera pansi kukwera m'mwamba, moti mzere woyamba wa tebulo umagwera pansi penipeni pa tchati. Pa mizati yoimirira vutoli kulibe, chifukwa woyambawo umaima kumanzere, kumene diso limayambira kuwerenga. Kuti mukonze, dinani mayina a mbewu pa tchatipo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Format Axis, ndipo muchonge Categories in reverse order. Mpunga ukwera pamwamba nthawi yomweyo, koma mudzaona kuti manambala oyezera aja, amene anali m'munsi, nawonso asamukira pamwamba. Kuti abwerere, pomwepo pa Horizontal axis crosses sankhani At maximum category. Ena amangosanja tebulo kuyambira pa nambala yaing'ono kuti tchati chioneke bwino, koma ine sindikonda njirayi, popeza tebulo ndi tchati zimatsutsana pamene mwaziika pa pepala limodzi pamaso pa komiti.

Ngozi yaikulu ili pa kusankha manambala okhaokha, kusiya mayina. Excel imachenjeza, ndipo yankho loyenera ndi Expand the selection. Mukasankha linalo, manambala amayenda okha mayina atatsala pamalo, ndipo tchati chimaoneka chokongola pamene chikunama kuti mtedza ndi umene wagulidwa matumba 125. Nthawi zonse mukatha kusanja, yerekezani dzina limodzi ndi zimene zili m'kaundula wanu. Mzere wa chiwerengero chonse, 273, usalowe nawo m'kusanjako, apo ayi udzakhala mzati wautali kuposa yonse.

Dziwaninso kuti kusanja kotereku sikudzibwereza kokha, kotero nyemba zikadzaposa mtedza mudzayenera kusanjanso. Ngati muli ndi Excel 2021 kapena Microsoft 365, lembani izi pambali, ndipo tchati chizitenga manambala pa tebulo latsopanolo:

```
=SORT(A2:B5,2,-1)
```

Apa A2:B5 ndi pamene pali mayina ndi manambala anu, 2 akutanthauza mzere wachiwiri wotsika, wa manambala, pamene -1 akulamula kuyambira pa yaikulu. Mukadzapanga tchati cha malonda a mwezi ndi mwezi, chimenecho musachisanje motere, chifukwa owerenga amafuna kuona mmene malonda akwerera ndi kutsika kuyambira Januwale mpaka Disembala.